Mzere Wodzitsutsa M'ndakatulo: Mafunso ndi Mayankho Kuchokera Kwa Sandwe

Kodi mlakatuli akalemba mzere wodzitsutsa, sikuti wangosokonezeka?

Ena amasokonezekadi, ndipo tifika pa mmene mungawagwirire. Koma yambani mwakumbukira kuti kulankhula kotere sikunayambe ndi ndakatulo za m'mabuku. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Mukaumva koyamba mwambi umenewu, mutu umakana, chifukwa chimene wapatsa mnzako chachoka m'manja mwako, pomwe chimene waika chikadali chako. Zinthu ziwirizi sizingakhale chimodzi. Komabe munthu amene anapatsapo mnansi wake lichero la chimanga chaka chabwino, n'kudzalandira dengu la mbatata chaka cha mavuto, safuna womumasulira. Mwambiwu waunjika nyengo ziwiri m'mawu awiri: lero wataya, mawa udzapeza.

Chimodzimodzi ndi uja woti mapanga awiri avumbwitsa. Phanga ndi pothawira mvula, ndiye awiri anayenera kuteteza kuposa limodzi. Koma wokhala ndi awiri amathera nthawi pakati pa njira, akuganiza kolowera, mvula n'kumuthera pathupi. Mlakatuli wodziwa ntchito yake amachita zomwezi. Amaika pamodzi zinthu zimene khutu likuti sizigwirizana, podziwa kuti pa moyo wa anthu zimakhaliradi limodzi.

Nanga paradokisi ndi okisimoroni zimasiyana pati?

Zimasiyana kukula. Okisimoroni ndi mawu awiri otsutsana oyandikana, kawirikawiri dzina ndi mawu olifotokoza, monga "njala yobiriwira". Paradokisi ndi ganizo lathunthu lodzitsutsa, lomwe lingatenge mzere wonse, ndime yonse, ngakhale ndakatulo yonse, monga "nyumba ndinamanga ndine, koma mlendo m'menemo ndine". Woyamba mumamumva nthawi yomweyo m'khutu. Wachiwiri amafuna kuti mumalize chiganizo, ndiye mubwerere m'mbuyo.

Pali zinthu zina zitatu zimene ophunzira amazisakaniza ndi ziwirizi. Mlakatuli akati "olemera akuseka, osauka akulira", wangoika zosiyana pambalipambali. Palibe chadzitsutsa, chifukwa oseka ndi ena, olira ndi enanso. Mayi akauza mwana amene waswa mbiya kuti "wachita bwino", akunyogodola, ndipo mwa zimene wanena ndi zimene akutanthauza, choona ndi chimodzi chokha. Chilapi nachonso chimadzitsutsa, monga chija cha nyumba yopanda khomo, koma mukangoti "dzira" nkhani yatha, kutsutsanako kwasungunuka. Mzere wa paradokisi suli choncho. Ngakhale mutaumasulira, mbali zonse ziwiri zimatsalabe zoona.

Tiyeni tione chitsanzo chenicheni. "Njala yobiriwira" ndiye kuti chiyani?

Ganizirani za mudzi wa kwa Mfumu Sandwe mwezi wa Febuluwale, chaka chimene mvula yagwa bwino. Chimanga chinadzalidwa mu Novembala kapena Disembala, tsopano chapitirira msinkhu wa munthu, chatulutsa ngayaye, minda yonse ili biriwiri. Koma nkhokwe ya chaka chatha inatha kale, ndipo chatsopanocho sichinakhwime. Mondokwa adzayamba kudyeka cha mu Malichi, kukolola kwenikweni n'kwa mu Epulo ndi Meyi. Ndiye mwezi umene dziko limaoneka lokhuta kuposa miyezi yonse ndi womwewo umene mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku, ena akukagwira ganyu m'minda ya anzawo kuti apeze ufa wa madzulo.

Mukanena kuti "kunali njala ngakhale kuti minda inali yobiriwira", mwanena zoona, koma mawu oti "ngakhale kuti" alekanitsa zinthuzo, njala uku, kubiriwira uko. Mayi amene akudutsa m'munda mwake m'mimba muli pululu sazimva padera. Maso ake akuona chakudya pomwe mimba ikumva njala, nthawi imodzimodziyo. Mawu awiri aja, pokhala ogundana, amasunga kupweteka kumeneko, ndipo ndicho chifukwa chokha chowalembera.

Onaninso malire ake. Chaka cha 2024 mvula inadula pakati pa dzinja m'madera ambiri a Zambia, chimanga n'kupserera m'munda, mpaka pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Wolemba za njala ya chaka chimenecho n'kuitcha yobiriwira akhala atanama, chifukwa njala imeneyo inali yofota ngati minda yake. Mawu odzitsutsa amakhala oona pa malo ake ndi nyengo yake, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi chaka chiti chimene mlakatuli akunena.

Ndikakumana ndi mzere wotere, ndiyambire pati pomasulira?

Yambani ndi kutchula mbali ziwirizo momveka, chakuti ndi chakuti ndizo zikulimbana. Musathamangire tanthauzo musanaone pamene pakutsutsana. Kenako funsani mzerewo mafunso atatu: liti, kwa yani, ndiponso m'lingaliro liti. Nthawi zambiri limodzi mwa atatuwa limatsegula. Mwina mlakatuli wapanikiza nyengo ziwiri pamodzi, monga m'mwambi wa kupatsa uja. Mwina wapanikiza maso a anthu awiri oona chinthu chimodzi. Mwinanso liwu limodzi lanyamula matanthauzo awiri. Mukapeza, lembani chiganizo chanu chosadzitsutsa chonena zomwezo, ndiye muone chimene chatayika.

Nayi ndime imene ndalemba kuti tiyeserepo:

Chuma chathu chabwera usiku,
chatisaukitsa tambala asanalire.
Tinalima ndife, wakolola ndi mlendo
amene anafika kuno agogo asanabadwe.
Ndagona maso pansanja,
kulondera njala yanga kuti isabedwe.

Munthu wa ku Lusaka amene sanafikeko ku chigwa cha Luangwa angayese kuti nkhaniyi ndi ya mbala. Wa kwa Sandwe adziwa pa mzere wachiwiri kuti ndi njovu, ngakhale dzina lake silinatchulidwe. Dera la Mfumu Sandwe, lomwe kwa zaka zambiri linali m'boma la Petauke ndipo tsopano lili m'boma la Lusangazi, lagundana ndi paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1972. Mbali ya deralo ndi malo amene anthu amaloledwa kukhala ndi kulima, koma nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo palibe mpanda wozitsekereza kuti zisafike kuminda.

Tengani mizere iwiri yoyamba. Zolimbana ndi chuma ndi umphawi, chifukwa chuma sichisaukitsa. Funso lotsegula pano ndi lakuti kwa yani. Kwa dziko, njovu ndi chumadi, popeza alendo ochokera kunja amalipira kuti adzaione. Kwa dera, gawo la ndalama zochokera ku nyama limadzera ku bodi ya anthu a m'deralo yoyang'anira zachilengedwe, n'kukagwira ntchito zokomera onse. Koma kwa banja limene munda wake waloweredwa, gulu la njovu litha kuthyola ndi kupondereza usiku umodzi chakudya cha miyezi yambiri. Kulemera kumagawidwa kwa ambiri, pang'onopang'ono, pomwe kusauka kumagwera khomo limodzi nthawi imodzi. Liwu lonyamula katundu yense ndi "chathu". Mlimi wolankhula m'ndimeyi wakhala akuuzidwa pamisonkhano kuti nyamazi ndi chuma chathu, ndipo sakukana. Akungobweza mawuwo monga anawalandirira, n'kuonjezapo zimene chumacho chachita usiku wathawu.

Mzere wachitatu ndi wachinayi uli ndi mlendo amene anafika agogo asanabadwe. Mlendo ndi wobwera pambuyo, ndiye sangakhale woyamba kufika. Pano chotsegula ndi matanthauzo awiri a ulendo. M'munda njovu ndi mlendo, chifukwa sinalime, sinaitanidwe, yadya n'kupita. M'chigwamo mlendo ndi munthu, chifukwa njovu zinkayenda njira zimenezo mudziwo usanamangidwe. Apa wolankhulayo wavomera chinthu chomupweteka, kuti amene wamulanda alinso ndi chifukwa chokhalira pamenepo. Mzere umenewu ndi umene umaletsa ndimeyi kukhala dandaulo chabe.

"Ndagona maso" ndi okisimoroni, ndipo ndi wosavuta. Wagona chifukwa thupi lili pamphasa, ali maso chifukwa khutu likudikira phokoso la phesi lothyoka, chitini chomenya chili pambali, moto wa ndowe zosakaniza ndi tsabola ukufuka m'mphepete mwa munda.

Mzere womaliza ndiwo wovuta, ndipo ndi umene ndimaukonda. Munthu salondera njala, ndipo palibe mbala imene ingaibe. Funso lotsegula ndi lakuti liti. Zimene zatsala m'munda pambuyo pa usiku uja sizingafikitse banja ku dzinja likudzalo, mwina zidzatha mu Okutobala. Akaziyang'ana ndi maso a lero ndi chimanga, akaziyang'ana ndi maso a Disembala ndi njala kale. Komabe ayenera kuchezera usiku wonse kuzilondera, chifukwa zikapitanso zimenezo, njala ya miyezi inayi isanduka ya chaka chathunthu. Tsono yesani kulemba chiganizo chosadzitsutsa: "Ndikulondera chimanga chochepa chimene chatsala, chomwe sichidzatikwana." Nkhani yake ndi yomweyo, koma kwatayika kutopa kwa munthu amene akudziwa kuti ngakhale apambane usiku uno, mphoto yake ndi njala yocheperapo basi.

Mwati munthu wa kutali sangaimve. Ndiye kuti mzere wotere ndi wa eni dera okha?

Ayi, koma umafuna kuti wowerenga adziwe moyo umene waubala. Bwererani ku mzere uja woti "nyumba ndinamanga ndine, koma mlendo m'menemo ndine". Ansenga a ku Petauke ndi ku Nyimba, monganso Achewa, amatsata mtundu kuchikazi. Mwamwambo mwamuna akakwatira amayamba wakhala kwawo kwa mkazi, kugwirira ntchito apongozi, ndipo ana amawerengedwa ku mbumba ya mayi wawo, woyang'anira wamkulu n'kukhala malume. Mkamwini atha kudula mitengo, kuumba njerwa, kufolera denga, koma banja likatha kapena mkazi akamwalira, amene amanyamula katundu kubwerera kwawo ndi iyeyo. Kwa womvera wa kwa Kalindawalo kapena kwa Sandwe, mzerewu sufuna ndemanga. Kwa Mngoni wa kwa Mpezeni, kumene malowolo amatengera mkazi ndi ana kumudzi kwa mwamuna, mzerewo ungamveke ngati wa bambo amene ana ake amunyoza, ndipo akaulankhula mkazi ndi pamene ungamugwire mtima.

Choncho mlakatuli wabwino amasiya kachizindikiro pafupi, liwu limodzi monga "apongozi" kapena "nsanja", loti mlendo agwirepo. Wowerenganso asamangoyang'ana mzere umodzi wokha. Yankho la mzere wodzitsutsa kawirikawiri limakhala m'mizere yoyandikana nawo, m'mutu wa ndakatulo, kapena mwa amene akulankhula.

Ndingadziwe bwanji kuti mzere wina ndi wongokometsera, mulibe kanthu?

Ufunseni mafunso atatu aja. Ukakhala chete pa onse, ndi wachabe. Alembi ongoyamba amakonda mizere ngati "mdima wowala wa mtima wanga" kapena "moto wozizira wa chikondi". Funsani kuti mdimawo ukuwala liti, ukuwalira yani, m'lingaliro liti. Ngati ndakatulo yonse siyankha, ndiye kuti wolembayo anangotenga liwu n'kulifunira mdani wake, poganiza kuti kugundana kwa mawu ndiko kuzama.

Pali njira ina yoyesera imene sinama. Tembenuzani mawuwo. Ngati "mdima wowala" mungausinthe kukhala "kuwala kwa mdima", kapena "moto wozizira" kukhala "kuzizira kotentha", popanda ndakatulo kusintha tanthauzo, mawuwo sanagwire kanthu. Yesani kutero ndi "chuma chatisaukitsa". Mukati "umphawi watilemeretsa" mwanena nkhani ina kotheratu, ndipo kwa mlimi wa pansanja uja mwanena bodza. Mzere woona umaloza mbali imodzi, sulola kutembenuzidwa.

Vuto lina ndi kuchulutsa. Ndime ya mizere isanu ndi umodzi ija ili ndi kudzitsutsa kanayi, ndipo yatero chifukwa inalembedwa kuti tiphunzirirepo. M'ndakatulo ya mizere makumi atatu, kawiri kapena katatu n'kokwanira, pakati pake pakhale mizere yowongoka imene womvera angapumirepo. Mzere uliwonse ukamadzitsutsa, khutu limazolowera, n'kusiya kudabwa.

Bwanji osangonena zinthu mwachindunji? Kapena n'kuopa akuluakulu?

Kubisa ndi kudzitsutsa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale nthawi zina zimayendera limodzi. Ku Malawi nthawi ya Kamuzu Banda alakatuli ankabisa chifukwa kunena poyera kunali kudziika m'ndende. Jack Mapanje anatulutsa buku lake la Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo ngakhale analankhula mophiphiritsa, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mawu obisika otero ali ndi tanthauzo limodzi lomwe lavekedwa chovala, ndipo mantha akatha chovalacho chitha kuvulidwa.

Mlimi wa kwa Sandwe uja sakubisa kanthu. Atha kuima pamsonkhano pamaso pa amfumu ndi alonda a nyama n'kunena kuti njovu zamudyera munda. Chimene sangathe kunena m'chiganizo chowongoka ndi chakuti amadana ndi nyamayo ndipo amainyadira, kuti akufuna ichoke komanso akudziwa kuti kwawo n'komweko. Chiganizo chowongoka chimamukakamiza kusankha mbali imodzi, pamene iye ali nazo zonse ziwiri.

Katswiri wina wa ku Amereka, Cleanth Brooks, m'buku lake la 1947 lotchedwa The Well Wrought Urn, anafika ponena kuti paradokisi ndiye chilankhulo chenicheni cha ndakatulo. Ine ndikuona kuti anapitirira muyeso. Nyimbo zambiri za pamtondo, za maliro ndi zotamanda mafumu zimagwira mtima ndi kubwereza, kayendedwe ka mawu ndi kutchula maina, popanda kudzitsutsa kulikonse. Wophunzira amene amasakasaka paradokisi m'ndakatulo iliyonse amatha n'kuipanga yekha pamene palibe.

Pa mayeso a Chinyanja akandifunsa kuti ndifotokoze mzere wotere, ndilembe zotani?

Ophunzira ambiri amalemba kuti "apa mlakatuli wagwiritsa ntchito paradokisi pofuna kukometsa ndakatulo", n'kuima pomwepo. Yankho limenelo lingakwane pa mzere uliwonse wa ndakatulo iliyonse, ndiye silinafotokoze uwu. Ena amalumpha n'kupereka tanthauzo lokha, osaonetsa pamene panali kutsutsana. Yankho lokwanira limatchula mbali ziwiri, limaonetsa mmene zonse ziliri zoona potengera umboni wa m'ndakatulomo, kenako limanena chimene kutsutsanako kwaulula za wolankhulayo. Pa mizere iwiri yoyamba ya ndime yathu mungalembe motere:

"Mlakatuli akuti chuma chawasaukitsa, zomwe zikuoneka zosatheka chifukwa chuma chimalemeretsa. Chuma chimenechi ndi njovu, monga tikuonera pa kubwera kwake usiku, kukolola m'munda wa eni, ndi kulondera pansanja. Njovu ndi chuma kwa dziko ndi kwa dera chifukwa imabweretsa ndalama, koma kwa banja lolankhulali yaononga chakudya cha miyezi yambiri. Liwu loti 'chathu' likusonyeza kuti wolankhulayo sakukana phindu la nyamayo, koma akudandaula kuti phindu ndi la onse pomwe chiwonongeko chagwera iye yekha."

Mukaona kuti mzerewo ungamasuliridwe m'njira ziwiri, nenani zonse, koma iliyonse ikhale ndi liwu la m'ndakatulo loichirikiza. Kumasulira kumene kulibe liwu loimirapo ndi maganizo anu chabe, ngakhale atakhala okoma.

Nanga ine wofuna kulemba mzere wotere, ndiyambe ndi mawu otsutsana?

Yambani ndi chinthu chimene mwachiona chili ndi nkhope ziwiri, mawu abwere pambuyo. Tinene kuti mwaima pamsewu waukulu wa Great East pa Nyimba, pamene amayi amagulitsa nthochi kwa apaulendo a mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata. Nyengo imene nthochi zapsa zambiri, ogulitsa amachuluka, mtengo umagwa, ndipo zosagulidwa zimabwerera kunyumba zitayamba kuda. Lembani kaye zimenezi m'chiganizo wamba: "Nthochi zikachuluka, mayi amapeza ndalama zochepa." Kenako chotsani mawu olumikiza ndi ofotokoza chifukwa, musiye mbali ziwirizo zigundane. Poyamba mungapeze "zokolola zosauka", koma awa ndi ofooka, chifukwa womvera angayese kuti mukunena zokolola zochepa, ndipo kutsutsana kwatha. Yesaninso: "Dengu likalemera, chikwama cha amayi chimapepuka." Apa pali zinthu ziwiri zogwirika ndi manja, zolimbana ndi kulemera ndi kupepuka, ndipo funso loti m'lingaliro liti lili ndi yankho, popeza kulemera kwa dengu ndi kwa pamutu pomwe kupepuka kwa chikwama ndi kwa ndalama. Mukautembenuza kuti dengu likapepuka chikwama chimalemera, mwanena za tsiku la malonda abwino, yomwe ndi nkhani ina, ndiye mzerewu wapambana mayeso aja. Chotsala n'kuuwerenga mokweza kwa munthu amene amagulitsadi pamsewupo. Akafunsa kuti mukutanthauza chiyani, ndiye kuti mzere wapafupi ukusowa liwu monga "Nyimba" kapena "basi" loti limutsogolere.